Mayi wophika amene anasiya kumva fungo atachira chimfine: lipoti la ku kiliniki ku Zomba

Wodwala amene ndikumufotokoza pano ndi mayi wa zaka 41, wokhala kumbali ya ku Chinamwali, amene amaphika ndi kugulitsa nsima pafupi ndi msika wa Zomba. Anandilola kulemba nkhani yawo posatchula dzina. Ine ndine kilinikolo ofisala pa kiliniki ina m'tauni muno, ndipo ndinawaona koyamba kumapeto kwa Ogasiti 2021, kenako ndinawatsatira kwa miyezi isanu ndi umodzi. Dandaulo lawo linali limodzi: kuyambira pamene anadwala chimfine chachikulu kumayambiriro kwa Julayi, sankamva fungo lililonse, ndipo chakudya chonse chinkangokhala zii m'kamwa.

Mbiri ya matenda

Matendawo anayamba ndi kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma. Anakayezetsa malungo ndipo sanapezeke nawo. Kovidi-19 sanayezetse, ngakhale nthawi imeneyo matendawa anali atafala kwambiri m'dziko muno ndipo amuna awo anadwalanso chimodzimodzi mlungu womwewo. Pa tsiku lachinayi la matendawo, akukazinga anyezi m'mawa, anazindikira kuti maso akutuluka misozi koma fungo la anyeziyo kulibe. Anatenga sopo kununkhiza, osamva kanthu. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti mphuno sinatsekeke. Ankapuma bwinobwino, mamina analibe, koma fungo linangozimiririka usiku umodzi.

Patatha milungu iwiri thupi linachira ndipo anabwerera kuntchito. Amuna awo, amene anasiyanso kumva fungo, anayambiranso kumva pasanathe milungu itatu. Mayiwa ayi. Pofika kwa ine panali patapita milungu isanu ndi iwiri, ndipo anali atayesa kale zambiri: anamwa amokisilini wogula okha kufamase, anadzifukiza nthunzi ya masamba a bulugamu atadzifunda bulangete, ndipo mnansi wina anawauza kuti afinyire madzi a adyo m'mphuno, zimene anachita kamodzi n'kuleka chifukwa cha ululu.

Chimene chinawabweretsa kuchipatala sichinali fungo lenilenilo koma geni. Tsiku lina anagulitsa nyemba zogona zimene zinali zitayamba kusasa, kasitomala n'kubweza mbale pamaso pa anthu. Tsiku linanso mphika wa mpunga unapserera kumbuyo kwawo iwo ali kalikiliki kutsuka mbale, mpaka woyandikana nawo benchi ndiye anakuwa. "Adokotala, ine ndimaphika ndi mphuno," anatero. "Nsomba ya ku Chilwa ndinkaidziwa kuti ndi yadzulo ndisanaigwire n'komwe. Pano amangondinamiza." Anali atatsikanso thupi, kuchoka pa makilogalamu 68 olembedwa m'buku lawo la kuchipatala kufika pa 64, chifukwa chilakolako cha chakudya chinali chitatha.

Ndinawafunsa mafunso amene ndimafunsa aliyense wosamva fungo, chifukwa si onse amene vuto lawo limachokera ku chimfine. Sanagwepo kapena kumenyeka m'mutu. Sasuta fodya, ngakhale wa m'mphuno. Alibe mphumu kapena chimfine cha chaka chonse choyetsemula pafumbi. Sanatulukepo magazi m'mphuno, mphuno imodzi siitsekeka yokha, mutu suwapweteka mowonjezereka, maso akuona bwino, ndipo sananjenjemerepo manja kapena kuyamba kuiwalaiwala. Akanayankha kuti inde pa limodzi la mafunso amenewa, makamaka la mphuno imodzi yotsekeka ndi magazi kapena la mutu ndi maso, sindikanayamba n'komwe za kuphunzitsa mphuno. Ndikanawalembera kalata yopita kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, chifukwa zimenezo zimatha kukhala zotupa m'mphuno kapena vuto la mu ubongo.

Zimene ndinapeza powayeza

Kuthamanga kwa magazi ndi shuga zinali bwino. Nditaunika m'mphuno ndi tochi, mkati munali moyera, mosatupa, mopanda mafinya kapena tinyama tolendewera. Mpweya unkadutsa mbali zonse ziwiri.

Kenako ndinayeza lilime palokha, chifukwa iwo ankati kulawa kunathanso. Ndinasungunula mchere, shuga, madzi a ndimu ndi khofi wowawa m'makapu anayi, ndipo anazindikira zonse zinayi atatsinzina. Izi zinawadabwitsa. Lilime limadziwa zinthu zochepa chabe: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zimene timati kukoma kwa chakudya, monga kusiyanitsa chambo ndi mlamba kapena gwafa ndi papaya, ndi fungo limene limakwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno pamene tikutafuna. Choncho lilime lawo linali lamoyo, ndipo vuto lonse linali kumphuno.

Zida zoyezera fungo za m'zipatala zazikulu zakunja ife tilibe, ndiye ndimagwiritsa ntchito timabotolo tisanu ndi titatu tokutidwa ndi pepala kuti wodwala asaone mkati: khofi, masamba a tiyi, chiponde, matemba ouma, koko, gwafa wakupsa, sinamoni ndi kachidutswa ka nanazi. Wodwala amatsinzina, ndimaika botolo pansi pa mphuno, ndipo ndimamutchulira mayina anayi kuti asankhe limodzi. Ndimaponyamonso botolo lopanda kanthu kuti ndione ngati akungolota. Mayiwa anakhoza chimodzi chokha pa zisanu ndi zitatu, ndipo anavomera okha kuti anangolota. Munthu wongolota pa mayina anayi amakhoza pafupifupi ziwiri, choncho chimodzi chimenecho sindinachiwerengere konse.

Panali chinthu china chimene ndinafunika kuwalongosolera bwino, chifukwa chimasokoneza odwala ambiri. Iwo anati pali zina zimene amamvabe: mafuta opaka pachifuwa aja, tsabola wa kambuzi akamakazingidwa, ndi mankhwala otsukira kuchimbudzi. Koma atafotokoza mwatsatanetsatane, zimene ankamvazo kunali kuzizira, kuyabwa ndi kulasa m'mphuno. Umenewo ndi mtsempha wina, womwewo umene umamva kukhudza ndi ululu pankhope, ndipo kachilombo kameneka sikanauwononge. Munthu akhoza kuyetsemula ndi tsabola, kulira ndi anyezi, koma asakumva fungo ngakhale pang'ono. Ngati wodwala sanauzidwe zimenezi, amasankha zinthu zolasa zokhazokha pophunzitsa mphuno, namaganiza kuti zikuyenda pomwe mtsempha wovulalawo sakuufika.

Ndinalemba kuti ndi anosimiya, kusamva fungo kotheratu, yotsatira matenda a kachilombo, ndipo mwachionekere Kovidi-19.

Chimene chimachitika mkati mwa mphuno

Malo omvera fungo ali pamwamba penipeni mkati mwa mphuno, pakati pa maso, ndipo ndi kachigamba kakang'ono. Pamenepo pali timitsempha timene timagwira fungo lobwera ndi mpweya n'kutumiza uthenga kuubongo kudzera m'timabowo ta fupa. Pa chimfine wamba, mphuno imatupa ndi kudzaza mamina, mpweya sufika pamwambapo, ndipo kutupako kukaphwa fungo limabwerera pa masiku ochepa. Pa mayiwa njira inali yotseguka. Kachilombo ka Kovidi-19 kamalowa makamaka m'maselo amene amazungulira ndi kudyetsa timitsempha timeneti. Maselowo akawonongeka pang'ono, amamera ena msanga ndipo munthu amachira mkati mwa milungu iwiri kufika inayi, monga zinachitikira amuna awo ndi odwala ambiri. Koma kutupako kukakhalitsa, timitsempha timafa nato.

Mwayi wake ndi wakuti timitsempha ta fungo timamera tina, zimene sizichitika ndi mitsempha yambiri m'thupi. Pansi pa kachigamba kaja pali maselo amene amasanduka timitsempha tatsopano moyo wonse wa munthu. Koma katsopanoko kayenera kukula, kudutsa m'fupa, n'kukalumikizana pamalo ake oyenera muubongo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Kuphunzitsa mphuno ndi kupatsa timitsempha tatsopanoti ntchito yobwerezabwereza, ubongo uli tcheru, kuti kulumikizanako kuyende bwino.

Njira imeneyi anaiyesa koyamba mwadongosolo ndi Thomas Hummel ndi anzake ku Dresden, ku Jeremani, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2009. Odwala ankanunkhiza mafungo anayi, la duwa la rozi, la bulugamu, la mandimu ndi la makilovu, m'mawa ndi madzulo kwa milungu 12. Pafupifupi atatu mwa odwala khumi aliwonse anayamba kumva bwinoko mooneka, kuposa amene sanachite kanthu. Chiwerengero chimenechi ndinawauza mayiwa mosabisa. Si mankhwala ozizwitsa, koma alibe choopsa, satha ndalama, ndipo pa vuto limeneli palibe mapiritsi amene aonetsa kuti amaposa njirayi.

Dongosolo limene tinagwirizana

Choyamba ndinawaletsa zimene ankachita. Amokisilini amapha mabakiteriya ndipo pano panalibe choti aphe. Adyo, madzi a mandimu, fodya kapena mankhwala azitsamba othira m'mphuno amawotcha kachigamba komwe tikufuna kuti kachire. Nthunzi yotentha kwambiri imawaula nkhope ndipo sifulumizitsa kalikonse. Sindinawapatse mankhwala opopera m'mphuno a siteroyidi chifukwa mkati munalibe kutupa. Mankhwalawo ndimawapereka kwa amene ali ndi chimfine cha fumbi kapena mphuno yotupa, kuti fungo lizifika pamwamba paja. Mapiritsi a piredinisoloni sindinawapatsenso, chifukwa amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi pomwe phindu lake pa vutoli silinatsimikizike.

Mafuta onunkhira a m'timabotolo amene amagwiritsa ntchito kunja ndi odula ndipo sapezeka wamba mu Zomba, choncho tinatenga zimene zili pafupi. Mandimu ali mbwee pamsika: amapala khungu lakunja lokha ndi mpeni, kusiya loyera lamkati. Bulugamu ali paliponse m'mbali mwa misewu ndi m'munsi mwa phiri: masamba atatu kapena anayi aawisi, ofikisa m'manja. Makilovu, tizokometsera takuda tija tooneka ngati timisomali, amagulitsa m'timapaketi m'magolosale ndi kwa ogulitsa zokometsera zakudya: asanu osinja pang'ono akwana. M'malo mwa duwa tinadula kachidutswa ka sopo wonunkhira rozi. Chofunika si kupeza zinthu zinayi zomwezo ndendende, koma mafungo anayi osiyana mitundu, la chipatso, la duwa, la zokometsera ndi la mtengo, ndiponso oti munthuyo ankawadziwa bwino asanadwale.

Chilichonse chimakhala m'botolo lake lagalasi lotsuka bwino, la chivindikiro cholimba. Lapulasitiki limasunga fungo la zimene munali kale. Botolo likhale lotseka nthawi zonse kuti fungo lisonkhane m'mpweya wa mkatimo, ndipo lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Khungu la ndimu ndi masamba a bulugamu amasintha masiku awiri kapena atatu aliwonse, makilovu ndi sopo pakatha milungu iwiri.

Kachitidwe kake ndinawaonetsa mu ofesi momwemo ndipo anabwereza ine ndikuona. Akhale pansi pamalo opanda utsi, osati kukhitchini, ndipo asanadye kapena kutsuka mano. Atsegule botolo limodzi, aliike pafupi ndi mphuno osaligunditsa, anunkhize pang'onopang'ono, kukoka timpweya tating'ono tafupitafupi kwa masekondi 20. Poyamba mayiwa anakoka mpweya wonse mwamphamvu mpaka mapewa kukwera. Kukoka kotero kumathamangitsira mpweya kukhosi ndi m'mapapo ndipo kumachititsa chizungulire, pomwe ife tikufuna mpweya uzungulire pamwamba pa mphuno. Akatha botolo limodzi alitseke, apume bwinobwino kwa theka la mphindi, atenge lina. Zonse zimatha pa mphindi zosakwana zisanu, kawiri pa tsiku.

Mbali imene odwala amaiona ngati yachibwana ndi imene ndimaiumirira: ponunkhiza, aziyang'ana chinthucho ndi kuyesetsa kukumbukira fungo lake. Mayiwa anaseka. "Ndiye ndizikhala pansi ngati wamisala, kununkhiza botolo losamveka kanthu?" Ndinawayankha kuti inde mayi, kwa milungu ingapo zidzakhala choncho. Kununkhiza uku maganizo ali pa mtengo wa makala kapena pa wayilesi sikufanana ndi kununkhiza ubongo ukufunafuna fungo limene ukulidziwa.

Anagula kope la ana asukulu, ndipo Lamlungu lililonse ankalemba nambala pa fungo lililonse: 0 ngati sanamve kanthu, 1 ngati pali kanthu koma sakukazindikira, 2 ngati akulizindikira koma lili patali, 3 ngati lili monga kale. Ndinawaletsa kulemba tsiku ndi tsiku, chifukwa fungo likamabwerera limasinthasintha, lero lilipo mawa kulibe, ndipo wolemba tsiku lililonse amangodzikhumudwitsa.

Tinakambirananso za kuntchito. Mwana wawo wamkazi wa zaka 17 anakhala mphuno yawo: iye ndiye ankanunkhiza nsomba pogula ndi ndiwo zogona m'mawa. Mphika uliwonse wapamoto anayamba kuutchera alamu pafoni. Kunyumba amaphikira mbaula, ndipo ndinawakumbutsa kuti mpweya wa makala umene umapha anthu m'nyumba yotseka nyengo yozizira ulibe fungo ngakhale kwa munthu wa mphuno yabwino, koma iwo sangamvenso utsi wa nsalu kapena waya wamagetsi ukupsa. Pa kadyedwe, ndinawalangiza kudya pa nthawi yake ngakhale chilakolako palibe, kudalira zowawasa, tsabola pang'ono ndi zokukuta zimene pakamwa pamamvabe, ndi kuyeza mchere ndi supuni. Anthu osamva fungo amakonda kuchulukitsa mchere ndi shuga pofunafuna kukoma, ndipo makasitomala awo anali atayamba kale kudandaula.

Mmene zinayendera

Atabwera pa mlungu wachinayi, kope linali ndi ziro pa mandimu, makilovu ndi sopo, koma pa bulugamu analemba 2 kuyambira mlungu woyamba. Nditawafunsa chimene akumva, anati kuzizira. Bulugamu ali ndi mbali ziwiri, fungo ndi kuzizirako, ndipo makilovu nawo amalasa pang'ono. Tinagwirizana kuti kuzizira ndi kulasa asamakuwerengere, ndipo 2 uja tinamufufuta. Kenako ndinatsegula mabotolo awo, amene ndinawauza kuti azibwera nawo. M'botolo la ndimu munali khungu louma gwa, lachita nkhungu m'mbali, ndipo ngakhale ine sindinamve ndimu aliyense. Iwo sakanadziwa, chifukwa amene akufunika kudziwa kuti fungo latha m'botolo ndi yemweyo amene sakumva. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yosintha za m'mabotolo inakhala ya mwana uja, ndipo lamulo linali lakuti iye akatsegula botolo alimve fungo asanalifikitse kumphuno. Pa mayeso anga anakhoza ziwiri pa zisanu ndi zitatu, zimene sizisiyana ndi kulota. Anavomeranso kuti madzulo ambiri ankadumphitsa chifukwa chotopa, ndiye tinasuntha nthawi yachiwiri kuti ikhale atangofika kunyumba asanasambe, mabotolo ali pawindo la kuchipinda pamene sapafika dzuwa.

Mlungu wachisanu ndi chiwiri ndi pamene analemba 1 woyamba, pa ndimu. Anafotokoza kuti kanabwera kamodzi pa kukoka koyamba n'kuthawa. Umu ndi mmene zimayambira kawirikawiri, ndipo ndinawauza kuti asathamangitse fungolo pokoka mwamphamvu kapena kuonjezera nthawi, chifukwa mphuno ikanunkhiza chinthu chimodzi nthawi yaitali imatopa n'kusiya kuchimva.

Vuto lalikulu linabwera mu Okutobala, patatha miyezi itatu ndi theka chidwalireni. Sanabwere tsiku limene tinapangana, ndipo amene anabwera ndi mwana wawo, kudzanena kuti amayi asiya zonse ndipo akuti mabotolo aja awaonongera mphuno. Atabwera okha mawa lake anali okwiya ndithu. Fungo linali litayamba kumveka, koma lolakwika. Anyezi wokazinga ankanunkha ngati tayala lopsa, nyama yowotcha ndi mazira ngati zowola, ndipo mankhwala otsukira mano ankawachititsa nseru. Kwa munthu amene tsiku lake limayamba ndi anyezi m'mafuta, ichi chinali choipa kuposa kusamva konse. Anali atasiya kupita kumsika kwa mlungu wathunthu, ndipo sikelo inaonetsa makilogalamu 62. Achibale ena anali atayamba kunena kuti pali munthu amene wawachita chipongwe chifukwa cha nsanje ya geni.

Vutoli limatchedwa palosimiya, ndipo limakonda kuoneka patapita miyezi iwiri kufika inayi chidwalireni, kaya munthu akuphunzitsa mphuno kaya ayi. Fungo la anyezi wokazinga kapena khofi si chinthu chimodzi, ndi msakanizo wa tinthu tambirimbiri, ndipo timitsempha ta fungo tilipo mitundu pafupifupi 400, uliwonse wogwira tinthu take. Timitsempha tikamamera, sitimera tonse pamodzi. Ubongo umalandira chidutswa chabe cha uthenga, nthawi zambiri chidutswa cha tinthu tamphamvu tonunkha timene masiku onse timabisika pakati pa tinzake, ndipo umamasulira kuti chinthucho chawola kapena chapsa. N'chifukwa chake zokazinga ndi zowotcha ndizo zimavuta kwambiri. Ndinaunikanso m'mphuno kuti nditsimikize kuti mulibe mafinya, chifukwa matenda a m'mphako za mphuno kapena dzino lowola zimabweretsanso fungo loipa, koma limenelo limakhalapo nthawi zonse ndipo ena oyandikira amalimva. La mayiwa linkabwera pokhapokha pali chakudya, ndipo mwana wawo sankamva choipa chilichonse.

Ndinawauza kuti mphuno imene inali chete tsopano ikutumiza uthenga, ngakhale wosokonekera, ndipo tinatsegula kope lawo kuona kuti mlungu umene anyezi anayamba kununkha ndi womwewo umene analemba 2 pa ndimu ndi 1 pa makilovu. Umboni wolemba ndi dzanja lawo unawagwira mtima kuposa mawu anga. Sindinawalonjeze tsiku limene zidzathe, chifukwa palosimiya imatha kukhala miyezi ingapo, ena mpaka kupitirira chaka.

Zochita zinali zosavuta. Sopo wa rozi, amene anayamba kuwanyansa, tinamuchotsa n'kuikapo vanila wa makeke, madontho atatu pa kathonje, chifukwa palibe phindu kudzizunza ndi fungo lobweretsa nseru. Kuntchito anasinthana ndi mng'ono wawo: iye azikazinga, iwo aziphika nsima, kugawa ndi kulandira ndalama, atakhala kumbali kumene mphepo ikuchokera. Pa zakudya zawo anapeza kuti zozizira kapena zofunda pang'ono zimapiririka kuposa zotentha, chifukwa nthunzi ndiyo imanyamula fungo. Kwa milungu ingapo anadalira phala, mbatata yophika, nthochi, mpunga, nyemba zophika popanda anyezi, chambiko ndi nkhuku yowiritsa yodya itazizira. Potsuka mano anagwiritsa ntchito mankhwala ochepa kwambiri, ndipo masiku ovuta ankatsuka ndi mswachi ndi madzi amchere.

Pa mlungu wa 12, kumapeto kwa Novembala, anakhoza zinayi pa zisanu ndi zitatu: gwafa, nanazi, sinamoni ndi chiponde. Khofi ndi matemba anazimva koma ngati zopsa. Za m'mabotolo anga oyezera sizinali zimene ankaphunzira kunyumba, ndipo ndinachita dala. Munthu amene wanunkhiza ndimu kawiri pa tsiku kwa miyezi itatu akhoza kumuzindikira ndi kachizindikiro kakang'ono, koma funso langa ndi lakuti kodi mphuno yonse ikuchira.

Pamenepo tinasintha mafungo onse anayi. Kafukufuku wina wa ku Turkey wa mu 2015 anaonetsa kuti kusintha mafungo pakatha milungu 12 iliyonse ndi kupitiriza nthawi yaitali kumathandiza kuposa kukakamira anayi omwewo. Inali nyengo ya mango, ndiye tinatenga khungu la mango okupsa, jinja wosinja, masamba a mpungabwi ndi ufa wokometsera ndiwo uja wotchedwa kale. Ndinawonjezera chinthu chimodzi: kamodzi pa mlungu mwana azisakaniza mabotolo, mayi atatsinzina, kuti azitchula okha popanda kuona.

Mu Febuluwale 2022, pa mlungu wa 24, anakhoza zisanu ndi chimodzi pa zisanu ndi zitatu. Anaphonya masamba a tiyi, amene fungo lake ndi lofooka, ndi khofi, amene anali akadali wolakwika. Thupi linabwerera pa makilogalamu 66. Anyezi ankawanunkhirabe mwachilendo koma osachititsa nseru, ndipo anali atayambiranso kukazinga okha masiku ena. Nsomba yoyamba kuonongeka ankaizindikira ikakhala pafupi, ngakhale pogula yambiri ankatengabe mwana uja. Alamu ya pafoni sanaisiye.

Ndemanga yanga pa nkhaniyi

Sindinganene kuti mabotolo ndiwo anachiritsa mayiwa. Anthu ambiri otere amachira pang'onopang'ono paokha mkati mwa chaka, ndipo pa munthu mmodzi palibe njira yolekanitsira zimene thupi likanachita lokha ndi zimene kuphunzitsako kunawonjezera. Mayeso anga a timabotolo nawonso ndi a m'manja: gwafa wa mwezi uno sanunkhira mofanana ndi wa mwezi wamawa, ndipo wodwala akayezedwa kangapo amayamba kudziwa zimene zimakhalamo. Amathandiza kuona kumene zinthu zikulowera, osati kupereka muyeso weniweni. Zaka zawo zinawathandizanso, chifukwa okalamba, osuta fodya ndi amene akhala osamva fungo kwa zaka zingapo amachira movutirapo, ndipo amene anasiya kumva fungo chifukwa chovulala m'mutu zotsatira zawo zimakhala zochepa kuposa za odwala chimfine.

Chimene ndikuchiona kuti chinasintha zinthu ndi kuwaona mobwerezabwereza. Njirayi imafotokozeka pa mphindi zisanu, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife timangoinena pakhomo wodwala akutuluka. Koma mayiwa akanangouzidwa kamodzi, akanatha mwezi wachiwiri akununkhiza khungu louma, akuwerengera kuzizira kwa bulugamu ngati kuchira, ndipo akanasiyiratu mu Okutobala. Za palosimiya ndi bwino wodwala azimve tsiku loyamba, pamodzi ndi wachibale amene azimuthandiza, kuti fungo loipalo likadzabwera asadzathamangire kothira zinthu m'mphuno.

Munthu amene wangosiya kumva fungo ali ndi chimfine sindimuyambitsa mabotolo nthawi yomweyo, chifukwa ambiri amachira okha. Ndimayamba ngati papita milungu iwiri kapena kuposerapo matenda atatha ndipo fungo silinabwerere. Mayiwa ndinawauza kuti apitirize mpaka akwanitse miyezi isanu ndi inayi, asinthenso mafungo mu Malichi, ndipo abwere msanga ngati mphuno imodzi itatsekeka, magazi atatuluka, kapena fungo limene labwerera litayambanso kuchepa popanda chimfine chatsopano. Zikanakhala kuti pa miyezi isanu ndi umodzi panalibe kusintha kulikonse, ndikanawatumiza ku chipatala chachikulu kuti akawaunike mkati mwa mphuno ndi kamera.